Kalata ya mizere itatu ya Chifalansa yandichititsa manyazi kuntchito: mawu ofanana ndi a Chingereziwa mumawakumbukira bwanji?

Kamtedza

Moni nonse. Ndaphunzira Chifalansa kwa chaka ndi theka, ndipo chifukwa cha ichi kalata iliyonse yochokera kwa anzathu a ku Congo imafikira pa tebulo langa kuti ndiwamasulire abwana. Sabata yatha mayi wina amene timagwira naye ntchito, yemwe amakhala ku Lubumbashi, anatumiza imelo iyi:

“Je ne pourrai pas assister à la réunion de mardi, car je passe actuellement mes examens. Je vous demande de m'envoyer les documents. Je viendrai éventuellement vendredi.”

Sindinatsegule n'komwe dikishonale, chifukwa mawu onse ndinawaona ngati odziwika. Ndinawauza abwana kuti mayiwo sadzatha kuthandiza pa msonkhano wa Lachiwiri, kuti kunena zoona mayeso awo akukhoza, kuti akulamula kuti tiwatumizire mapepala, ndiponso kuti pamapeto pake adzafika Lachisanu. Abwana anakwiya ndi zolamulazo, komabe anati tilipiriretu chipinda chogona cha Lachisanu. Ine ndinawayankha mayiwo ndi mawu owayamikira chifukwa chokhoza mayeso. Lachisanu silinabwere ndi mlendo aliyense, ndalama ya chipinda inapita, ndipo mayiwo analemba modabwa kuti mayeso sanamalize n'komwe kulemba. Ndazindikira tsopano kuti ndinaphonya mawu asanu m'mizere itatu. Funso langa ndi lakuti, inu amene munadutsa kale pamenepa, mawu oterewa mumawasunga bwanji m'mutu?

Nachisale_wa_Dowa

Pepani a Kamtedza, koma ndaseka. Kalata imeneyo ili ngati anaikonza dala kuti akutchereni msampha.

Mphunzitsi_Wopuma

A Kamtedza, ndinaphunzitsa Chifalansa kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo ndikutsimikizireni kuti palibe wophunzira wodzera m'Chingerezi amene sanagwepo m'dzenje limeneli. Afalansa mawu oterewa amawatcha “faux amis”, kutanthauza abwenzi onyenga. Choopsa chawo si chakuti ndi ovuta, koma chakuti ukawamasulira molakwa chiganizo chimamvekabe chanzeru. Mawu achilendo amakuimitsa n'kukutumiza ku dikishonale, pamene awa amakulola kudutsa uli wokondwa.

Zimene mayiwo analemba ndi izi: sindidzatha kukhalapo pa msonkhano wa Lachiwiri, chifukwa pakadali pano ndikulemba mayeso, ndikukupemphani kuti munditumizire mapepalawo, mwina ndidzabwera Lachisanu ngati zitatheka. Mukuona kuti ndi kalata yaulemu, yopanda lamulo lililonse ndiponso yopanda lonjezo.

Tsono taonani chinthu chimodzi m'kumasulira kwangaku. Sindinadzere m'Chingerezi ngakhale pang'ono, ndipo msampha uliwonse wazimiririka wokha. Ife m'Chichewa timasiyanitsa bwino kulemba mayeso ndi kukhoza mayeso, ndipo mwana wa Sitandade 8 sangasokoneze ziwirizi. Chifalansa chimasiyanitsanso chimodzimodzi: “passer un examen” ndi kulemba, pamene kukhoza ndi “réussir un examen” kapena “être reçu”, ndipo kulephera ndi “échouer à un examen” kapena “rater un examen”. Munthu akhoza kunena kuti “j'ai passé l'examen, mais j'ai échoué”, ndinalemba koma ndinalephera, popanda kudzitsutsa. Chimene chinakupusitsani ndi “pass” wa Chingerezi amene anaima pakati pa inu ndi Chifalansacho. Choncho langizo langa loyamba ndi lakuti m'kope mwanu, pambali pa mawu onyenga aliwonse, muzilemba tanthauzo la Chichewa, osati la Chingerezi.

Gologolo77

Inenso zimandivuta kwambiri. Makamaka “dessus” ndi “dessous”, pamwamba ndi pansi, sindimva kusiyana kwake akamalankhula mofulumira, ndiponso “poisson” ndi “poison”. Ndinauzapo mlendo kuti kunyumba tadya poizoni m'malo mwa nsomba.

Nachisale_wa_Dowa

A Gologolo77, limenelo ndi vuto la katchulidwe ndi khutu, pakati pa mawu awiri a Chifalansa chokhachokha. “Poison” amatanthauza chimodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri, ndiye bwenzi loona ameneyo. Pano tikunena za mawu amene nkhope yake ndi ya Chingerezi koma mtima wake ndi wina.

Wa_ku_Moatize

Ine ndinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, Chingerezi ndinachidziwa nditakula, ndipo ndikawerenga kalatayo sindiona msampha pa mawu ambiri. Kwathu “atualmente” ndi pakadali pano, “eventualmente” ndi mwina, ndipo “assistir à reunião” ndi kukhalapo pa msonkhano, monga momwe zilili m'Chifalansa. Ndiye maganizo anga ndi akuti wonyenga pano si Chifalansa ayi, koma Chingerezi, chimene chinapatuka pagulu. Amene amadziwa Chipwitikizi angodalira chimenecho basi, sadzasochera.

Mphunzitsi_Wopuma

A Wa_ku_Moatize, mbali yoyamba mwanena zoona, ndipo ngakhale m'Chijeremani “aktuell” ndi “eventuell” zimatsata tanthauzo la Chifalansa. Koma mbali yachiwiriyo ndikukaniza. Tandiuzani, “passei no exame” kwanuko amatanthauza chiyani?

Wa_ku_Moatize

Amatanthauza kuti ndakhoza. Ndavomera, bambo, pamenepo inenso ndikanawayamikira mayi aja nthawi isanakwane.

Mphunzitsi_Wopuma

Ndi chifukwa chake palibe chinenero chimodzi chimene tingachikhulupirire kotheratu pa nkhaniyi. Koma mfundo yanu yakuti Chingerezi ndicho chinapatuka ndi yothandiza, ndipo ndikufuna ndiitambasule, chifukwa muli njira yachiwiri yokumbukirira.

M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi mazana atatu Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'makhoti. Lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi linabwera mu 1362. M'nyengo imeneyo ndi pambuyo pake Chingerezi chinatenga mawu zikwizikwi ku Chifalansa ndi ku Chilatini. Mawuwo atawoloka nyanja, mbali iliyonse inapitiriza kuwagwiritsa ntchito mwa njira yakeyake, monga ana a mimba imodzi amene akulira m'midzi yosiyana. Koma kawirikawiri tanthauzo lakale silifa lonse. Limatsalira m'mawu ena a banja lomwelo, ndipo wachibale wotsalayo ndiye amene muyenera kumufunafuna.

Tengani “éventuellement”, amene anakudyerani ndalama ya chipinda. Muzu wake ndi womwewo wa “event”, chochitika. M'Chifalansa chinthu chimene chili “éventuel” chimadalira mmene zinthu zidzachitikire, chikhoza kuchitika kapena ayi. Chingerezi chinakokera “eventually” ku tanthauzo la pamapeto pake, koma chinasunga tanthauzo lakale m'mawu akuti “eventuality”. Mngerezi akanena kuti wakonzekera “every eventuality” akunena zinthu zimene mwina zingagwe, osati zimene zidzagwadi. Ndiye mukaona “éventuellement”, musamuthamangitsire kwa “eventually”, mutengereni kwa “eventuality”. Pamapeto pake m'Chifalansa ndi “finalement”, kapena mneni “finir par”: “elle a fini par venir”, anachedwa koma anafika.

“Actuellement” naye ali ndi wachibale, koma iye ali m'Chifalansa momwemo. Nkhani za pawailesi ndi pakanema amazitcha “les actualités”, kutanthauza zimene zikuchitika panopa. Munthu amene wamverapo nkhani za Chifalansa ngakhale sabata imodzi mawu amenewa amawamva mobwerezabwereza. Mukamanga “actuellement” ku nkhani za lero, simudzamusokonezanso ndi “actually”, amene m'Chifalansa ndi “en fait” kapena “en réalité”.

Kamtedza

Zikomo kwambiri, bambo. Ya “eventuality” yandilowa nthawi yomweyo. Nanga “demander”, amene anakwiyitsa abwana, wachibale wake ndi ndani?

Nachisale_wa_Dowa

Limenelo ndiyankhe ine, chifukwa ndimakhala pafupi ndi Dzaleka, ndipo Chifalansa changa chambiri ndinachitola pocheza ndi pochita malonda ndi anzathu ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Munthu amene wathawa kwawo ndipo akudikira kuti boma limulandire amatchedwa “demandeur d'asile”. Tsono ganizirani munthu ameneyo, atanyamula kachikwama kamodzi, ataima pa mzere. Kodi ali ndi mphamvu yolamula aliyense? Iye ndi wopempha. Kuyambira pamene ndinamvetsa mawu amenewa, “demander” m'mutu mwanga ndi kupempha kapena kufunsa basi. Chimodzimodzinso kalata yofunsira ntchito ndi “demande d'emploi”, ndipo palibe amene amalamula kuti alembedwe ntchito. Kulamula kapena kuumiriza kuti upatsidwe chinthu ndi “exiger”. Mayi aja akanalemba kuti “j'exige les documents”, abwana anu akanakhala ndi chifukwa chokwiyira.

Chenjezo limodzi: musanene kuti “demander une question” pofuna kunena kufunsa funso. Iwo funso amaliika, “poser une question”. Mnzanga wina anandikonza katatu konse ndisanasiye.

Dalaivala_wa_Thiraki

Ine sukulu ya Chifalansa sindinalowemo, changa ndi cha pamsewu wa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi. Ulendo wanga woyamba ndinagula chakudya ndi ndalama yaikulu, ndipo mayi wogulitsayo anati “je n'ai pas de monnaie”. Ndinadabwa kuti munthu akunena bwanji kuti alibe ndalama pamene ndikuziona m'mbale. Kenako mnzanga anandiuza kuti akunena chenji, ndalama zing'onozing'ono zobwezera, pakuti ndalama wamba ndi “argent”. Chinanso, zikwangwani zolembedwa “location” ndinkayesa zikuloza ku lokeshoni, kumene kumakhala anthu, osadziwa kuti ndi malo obwereketsa magalimoto kapena nyumba za lendi. Njira yanga yokumbukirira ndi manyazi. Mawu amene anandisekapo nawo sindinawaiwalenso.

Gologolo77

Ndiye kuti “monnaie” ndi chenji nthawi zonse?

Dalaivala_wa_Thiraki

Pamsika inde. Koma osintha ndalama pachipata amanenanso “monnaie” potchula mtundu wa ndalama ya dziko, monga kwacha kapena faranga. Chimene sindinamvepo ndi munthu kunena kuti wolemera ali ndi “monnaie” yambiri.

Mlembi_Wamkazi

Ndikufuna ndibwerere ku mawu oyamba a m'kalata ija, chifukwa palibe amene wawakhudza mokwanira. Ine ndimalemba makalata a misonkhano m'zinenero ziwirizi, ndipo lamulo limene ndinadziikira ndi lakuti “assister” satanthauza kuthandiza, amatanthauza kukhalapo. Kuthandiza ndi “aider”. Mukagwira chimenechi mwatha.

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi, lamulo lanulo lidzakupulumutsani m'makalata ambiri, koma tsiku lina lidzakugwetsani. “Assister” ali m'gulu la abwenzi onyenga mwatheka, amene nthawi zina amanena zoona. Chimene chimasiyanitsa ndi kamperekezi kakang'ono “à”. “Assister à une opération” ndi kukhalapo n'kumaonerera opaleshoni, monga amachitira wophunzira udokotala. “Assister le chirurgien”, popanda “à”, ndi kuthandiza dokotalayo, monga amachitira namwino womupatsira zipangizo. Muzu wake wa Chilatini umatanthauza kuima pafupi, ndipo munthu woima pafupi akhoza kungopenya kapena kugwira nawo ntchito. Muzisamala chifukwa “à” amabisala: akakumana ndi “le” amasanduka “au”, akakumana ndi “les” amasanduka “aux”, kotero “assister au mariage” ndi kukhala nawo pa ukwati, osati kuthandiza kuphika. M'kalata ya a Kamtedza “à la réunion” analipo poyera.

Mlembi_Wamkazi

Ndalandira chidzudzulocho, bambo, ngakhale m'zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi “assister” wopanda “à” ndakumana naye kawiri kapena katatu kokha. Kwa wophunzira watsopano ndikuonabe kuti lamulo lalifupi ndi labwino kuposa loona koma lalitali.

Njira yanga yokumbukirira ndi ina, ndipo ndiifotokoze bwino chifukwa inandithandiza kuposa mndandanda uliwonse. Ndinazindikira kuti bwenzi lonyenga limodzi limabisa mabowo awiri. Loyamba ndi tanthauzo lenileni la mawu a Chifalansawo, limene limakuvuta powerenga. Lachiwiri ndi mawu a Chifalansa a chinthu chimene iwe unkaganizacho, amene amakusowa polemba. Ukatseka bowo limodzi lokha, linalo limakudikira. Choncho mawuwa ndimawaphunzira ngati unyolo. Ndikufuna kunena “attend”: dzanja limathamangira ku “attendre”, koma ameneyo ndi kudikira, ndipo wolondola ndi “assister à”. Ameneyu akundikumbutsa “assist”, amene ndi “aider”. Unyolo wathera pamenepo, ndipo ndagwira aneni atatu nthawi imodzi: kudikira, kukhalapo, kuthandiza.

Kenako ndimapanga chiganizo chimodzi cha moyo wanga chokhala ndi onse atatu, n'kuchilemba pa kakhadi: “J'attends ma sœur, nous allons assister au mariage et aider la famille.” Kuseri ndimalemba Chichewa chokha: ndikudikira mchemwali wanga, tikupita kukakhala nawo pa ukwati ndi kukathandiza banjalo. Poyeserera ndimayambira ku Chichewa kupita ku Chifalansa, chifukwa mbali imeneyo ndiyo yovuta. Khadi latsopano ndimalionanso mawa lake, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi, ndipo ndikaphonya limabwerera poyambira. Sindiwonjezera makhadi oposa awiri pa sabata. Ndinayesapo kuloweza mndandanda wa mawu makumi asanu nthawi imodzi, ndipo chimene ndinatsala nacho ndi kukumbukira kuti mawu akutiakuti ndi oopsa, koma osakumbukira kuti tanthauzo loona lili mbali iti.

Wa_ku_Moatize

Unyolo woterowo uliponso pa mabuku. “Librairie” ndi sitolo yogulitsa mabuku, pamene laibulale ndi “bibliothèque”. Kwathu ndi “livraria” ndi “biblioteca”, ndiye pano Chipwitikizi sichinandinamize.

Gologolo77

Ine ndaona njira yachidule. Mawu aliwonse a Chifalansa ofanana ndi a Chingerezi ndiziwakayikira, ndipo ndizifufuza ena m'malo mwake.

Mphunzitsi_Wopuma

Mukatero mudzataya chuma chachikulu chimene wodziwa Chingerezi ali nacho. Mawu ofanana ambiri ndi abwenzi oona: “nation”, “important”, “possible”, “gouvernement”, “hôpital”. Onyengawo ndi ochepa poyerekeza, kungoti ena mwa iwo amapezeka tsiku ndi tsiku. Chofunika ndi kudziwa pamene muyenera kuima. Ophunzira anga ndinkawauza kuti aime pamene mawu odziwikawo akusenza chinthu chimene wina achitepo kanthu, monga tsiku, ndalama, lonjezo, kapena ulemu wa wolembayo. Aimenso pamene kumasulira kwawo kukumupangitsa wolembayo kuoneka wamwano kapena wosalongosoka. A Kamtedza, chizindikiro chinalipo m'kalata mwanu. Mawu akuti “car” amapereka chifukwa, ndipo kukhoza mayeso si chifukwa cholepherera kufika pa msonkhano, pamene kulemba mayeso ndi chifukwa chomveka. Kumasulira kwanu kunali kutatsimphina kale pamenepo.

Mukaima, musangoyang'ana tanthauzo loyamba m'dikishonale ya zinenero ziwiri. Werengani zitsanzo zake, kenako tembenukirani mbali inayo muone ngati mawu a Chingereziwo akukubwezerani ku mawu a Chifalansa omwewo. Mukafufuza “eventually” n'kupeza “finalement” m'malo mwa “éventuellement”, mwamugwira wonyengayo.

Nachisale_wa_Dowa

Bambo, pali chimodzi chimene chimandisokoneza. Buku langa limati “réaliser” ndi kukwaniritsa kapena kupanga chinthu, ndipo kuzindikira ndi “se rendre compte”. Limatinso “supporter” ndi kupirira, osati kuchemerera. Koma anzanga onse amati “j'ai réalisé que” akazindikira kanthu, ndipo anyamata amati “je supporte” akamatchula timu yawo ya mpira. Ndiye wolakwa ndi ndani, buku kapena eni chinenero?

Mphunzitsi_Wopuma

Matanthauzo awiriwo analowa m'Chifalansa kuchokera ku Chingerezi, ndiye mawuwo anawoloka nyanja kawiri, kupita ndi kubwerera. “Réaliser” wa kuzindikira wafala kwambiri moti madikishonale amakono amamulemba, ngakhale osamala chinenero amamudandaulabe. Ine pa mayeso ndi m'kalata ya kuntchito ndimalangiza “se rendre compte” ndi “soutenir”, chifukwa palibe amene angakuchotsereni malikisi pa amenewo.

Mlembi_Wamkazi

Pa “réaliser” sindikugwirizana nanu, bambo. Makalata amene ndimalandira kuchokera kwa anthu ophunzira bwino ali nawo mawu amenewa, ndipo kuwapewa ndi kudzipatsa ntchito yopanda phindu. Pa “supporter” pokha ndimasamala, chifukwa “je ne supporte pas mon chef” satanthauza kuti sindili kumbali ya abwana anga, koma kuti sinditha kuwapirira, ndipo chiganizo chotero chikalowa m'kalata molakwika munthu akhoza kutaya ntchito.

Dalaivala_wa_Thiraki

Kubwalo la mpira ku Lubumbashi aliyense ndi “supporter”, ndipo palibe amene amafunsa buku.

Kamtedza

Ndikuthokozeni nonse. Ndawafotokozera abwana kuti mayi aja anapempha, sanalamule, ndipo ndawalembera mayiwo kupepesa ndi kuwafunira mafuno abwino pa mayeso amene atsala. Makhadi awiri oyamba ndapanga kale, la “passer” ndi “réussir”, ndi la unyolo wa a Mlembi_Wamkazi. Tsopano ayankha kuti: “Je viendrai le 14 et je resterai deux jours.” Poyamba ndinawerenga kuti adzapuma masiku awiri, ndipo ndinatsala pang'ono kuwauza abwana kuti msonkhano tiuike pa 16. Koma poti pali tsiku ndi ndalama, ndaima kaye. Kodi “rester” nayenso ndi mmodzi wa iwo?

Nachisale_wa_Dowa

Ndi mmodzi wa iwo. “Rester” ndi kukhala kapena kutsala, ndipo wachibale wake m'Chingerezi ndi “the rest”, zotsala. Kupuma ndi “se reposer”. Mayiwo akhala nanu masiku awiri okha, ndiye msonkhano uikeni pa 14 kapena pa 15, chifukwa pa 16 mudzapeza atanyamuka. Ndipo ulendo uno “éventuellement” mulibe, chipinda lipirani.